Logo ya shopu yanu: muyichepetse musanayisankhe

Wojambula akabweretsa zojambula zake kwa mwini shopu, amazionetsa pa kompyuta kapena pa pepala lalikulu, chilichonse chili ng'aning'ani. Koma kasitomala saiona logo ili yaikulu chonchi. Amaiona pa chidindo cha pa lisiti, pa kansalu kosokedwa kukhosi kwa malaya, kapena mu kabwalo kakang'ono ka chithunzi cha pa WhatsApp, kamene pa foni sikaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Apa m'pamene mpikisano wa zojambulazo uyenera kuchitikira.

Tiyerekeze telala amene watsegula shopu yake m'tauni, dzina la shopuyo lili ndi zilembo 14, ndipo wojambula wamubweretsera zojambula zinayi. Choyamba ndi makina osokera ojambulidwa ndi zonse, gudumu, lamba ndi chopondera, dzina lalembedwa mokhotakhota ngati la pa khadi la ukwati, ndipo mawu okopa makasitomala ndi nambala ya foni zazungulira m'mbali. Chachiwiri ndi dzina lokhalokha m'zilembo zonenepa zakuda. Chachitatu ndi chilembo choyamba cha dzinalo, chofiira pa mtundu wobiriwira, singano yopyapyala itapyoza pakati, ulusi ukulendewera. Chachinayi ndi batani lalikulu la mabowo anayi, dzina lili pansi pake m'mizere iwiri ya zilembo zowongoka.

Mukafunsa achibale kuti chokongola n'chiti, ambiri aloza choyamba, chifukwa chikuoneka kuti wojambula anakhetsapo thukuta. Funso limenelo lisiyeni kaye. Pitani kumene amapulinta, muwauze kuti zonse zinayi azichepetse kufika masentimita 2 m'lifupi, aziike pa pepala limodzi, kenaka pepalalo mulichite fotokope yakuda ndi yoyera.

Masamu ake ndi osavuta. Ngati chojambula chinali cha masentimita 20 ndipo chafika pa 2, chilichonse chili m'menemo chachepa kakhumi. Mawu okopa aja, amene zilembo zake zinali zotalika sentimita imodzi, tsopano ndi milimita imodzi yokha, ndipo palibe angawawerenge popanda kutsinzinira. Mzere umene unali wonenepa milimita imodzi wasanduka wa milimita 0.1, ndipo chidindo cha labala sichingausunge. Vuto lina limachokera ku inki, imene imafalikira pang'ono ikagwa pa pepala: timipata ta m'kati mwa zilembo monga a, e ndi o timatsekeka, dzina lolembedwa mokhotakhota lija n'kusanduka kachingwe kopotana. Makina osokera nawo angokhala chibanthu chakuda.

Chachitatu chimagwa mwanjira ina. Chofiira ndi chobiriwira zimasiyana kwambiri m'maso, koma zikakhala zoderako mofanana, fotokope imazisandutsa zotuwa zonse ziwiri, chilembo n'kumira m'malo amene chakhalapo. Singano yazimiririka, ulusi waduka m'malo angapo. Chachiwiri ndi chachinayi zapulumuka pa pepala, ndipo chachiwiri ndiye chikuwerengeka bwino kuposa zonse.

Musathamangire kuchipatsa chikho. Chiikeni pa chithunzi cha WhatsApp, mudzitumizire uthenga kuchokera pa foni ina, muone mmene chikuonekera pa mndandanda wa mauthenga. Chithunzicho chimadulidwa mozungulira, makona onse amatayika, ndipo malo a mbali zinayi amene angalowe bwinobwino m'bwalo ndi pafupifupi magawo 7 mwa 10 a m'lifupi mwake. Dzina la zilembo 14 pa mzere umodzi likakanikizidwa mu kabwalo ka sentimita imodzi, chilembo chilichonse sichipeza ngakhale milimita imodzi. Batani lija, pokhala lozungulira kale, limadzaza kabwaloko lokha, dzina n'kulisiya panja popeza foni imalemba kale dzinalo pambali. Ndiye pa kuwerengeka, chachinayi ndi chachiwiri zili patsogolo, chachitatu chikutsatira chikutsimphina, choyamba chatsalira kutali.

Zotere zinaigwera ngakhale kampani ya Apple. Logo yake yoyamba, imene Ronald Wayne anajambula mu 1976, inali chithunzi cha Isaac Newton atakhala pansi pa mtengo, chodzaza timizere ndi mawu m'mbali. Mu 1977 Rob Janoff anajambula apozi wolumidwa uja, ndipo iye mwini anafotokozapo kuti kulumako kunali koti chipatsocho chikachepa chizidziwikabe kuti ndi apozi, osati kachipatso kena kakang'ono kozungulira.

Kukumbukika ndi kovutirapo kuyesa, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Amayala zojambula zonse patebulo n'kufunsa kuti, “Kodi mungakumbukire chiti?” Munthu sadziwa zimene adzakumbukire, amangotchula chimene chamusangalatsa. Njira yabwino ndi kupeza anthu amene sakuidziwa shopuyo, mwina 12, n'kuwagawa atatu atatu. Aliyense muonetseni chojambula chimodzi chokha kwa masekondi 5, mucheze naye nkhani zina kwa mphindi 10, kenaka mumupatse cholembera kuti ajambule zimene anaona ndi kutchula dzina la shopu. Mawa lake mufunseninso. Anthu 12 ndi ochepa, choncho kusiyana kwa munthu mmodzi musakuwerengere. Yang'anani kusiyana koonekeratu.

Musayembekezere zojambula zolondola. Pa kafukufuku wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles amene anatuluka mu 2015, ophunzira 85 anauzidwa kujambula logo ya Apple kuchokera m'mutu, ndipo mmodzi yekha ndiye anaikhoza yonse, chonsecho ambiri a iwo ankagwiritsa ntchito zipangizo za kampaniyo. Chimene mukufufuza ndi chakuti kodi anthu osiyanasiyana akubweza chinthu chimodzi chofanana. Onse atatu akajambula bwalo la madontho anayi, ngakhale lopindika, ndiye kuti batani lakhala m'mutu. Wina akajambula makina, wina gudumu, wina n'kumati “panali zolembalemba zambiri,” chojambulacho chilibe pogwira.

Dzina lopanda chithunzi limavutika pa mayeso amenewa. Anthu amati “zinali zilembo zakuda,” ndipo zilembo zakuda zili pa chikwangwani chilichonse mumsewu. Chilembo chopyozedwa ndi singano chimachita bwino, chifukwa munthu angathe kuchifotokozera mnzake ndi mpweya umodzi. Makina osokera amauza munthu kuti pano pali telala, koma samuuza kuti ndi telala uti, popeza makina ndi sizasi ndi zimene atelala ambiri amajambulitsa pakhoma. N'chifukwa chake musanamalize, yendani mumsewu wanu ndi foni, mujambule zikwangwani za anzanu a ntchito yomweyo. Mukapeza kuti wina pafupi ali kale ndi batani, chachinayi chatsika mtengo pomwepo.

Posanja, ine sindigwirizana ndi zopereka malikisi awiri n'kuwaphatikiza, chifukwa chojambula chosawerengeka chingakwere pamwamba ndi malikisi a kukumbukika okha. Kuwerengeka kukhale khomo: cholephera pa masentimita 2 chibwerere, pokhapokha ngati vuto lake ndi lokonzeka. Choyamba chatuluka, popeza kuchikonza n'kujambula china. Chachitatu chimakonzeka: singano inenepe kufika pafupifupi theka la kunenepa kwa chilembo, ulusi uchoke, chobiriwira chisanduke choyera, kenaka chibwerere ku fotokope. Chikadutsa, chikhala chachiwiri pa mndandanda, pamwamba pa dzina lopanda chithunzi lija. Patsogolo pakhale batani, ndipo wojambula alipereke m'mitundu iwiri: lokhala ndi dzina, la pa chikwangwani, lisiti ndi chidindo, ndi batani lokhalokha, la pa foni ndi kansalu ka kukhosi kwa malaya. Nambala ya foni izilembedwa payokha, kunja kwa logo, kuti ikadzasintha musadzajambulitsenso zonse.