Kuchotsa Chinthu pa Chithunzi Popanda Kompyuta Kuikapo China

Mapulogalamu a nzeru zopangidwa okonzera zithunzi sachotsa chinthu pochifufuta. Munthu amapaka malo amene akufuna kuti asinthe, ndipo pulogalamu imajambula malowo mwatsopano potengera zimene zawazungulira. Ndimo mmene amagwirira ntchito Generative Fill wa mu Photoshop, amene anatuluka mu 2023, komanso Stable Diffusion. Vuto limachokera pomwepa: mapulogalamuwa anaphunzira pa zithunzi zimene nthawi zambiri pakati pake pamakhala chinthu, choncho akapatsidwa mpata amafulumira kuikapo kanthu. Wochotsa ndowa amapeza pabwera mphika wa maluwa, mwinanso galu.

Chitsanzo chikhale chithunzi cha ukwati, mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 3000 m'litali, pomwe ndowa yofiira ya pulasitiki yatsala pa kapinga pafupi ndi akwati. Ndowayo ndi ya mapikiselo pafupifupi 300 ndi 400.

Ambiri amalakwa potsata m'mphepete mwa ndowa mosamala kwambiri, poganiza kuti ukatswiri wake ndi umenewo. Malo opakidwawo amatenga maonekedwe a ndowa, ndipo pulogalamu imafunafuna chinthu chokwana m'maonekedwe amenewo. Kunja kwa malire kumatsalanso kamzere kofiira, chogwirira chawaya, ndi mthunzi umene ndowa inaponya pa udzu. Mthunziwu ndiwo umapusitsa kwambiri. Pulogalamu ikaona mthunzi wopanda mwini, imajambula mwini wake. Choncho ndowa, chogwirira ndi mthunzi wonse zilowe m'malo opakidwa, ndipo malirewo apitirire ndi mapikiselo 15 kapena 20 mbali zonse. Mu Photoshop zimenezi zimachitika ndi `Select > Modify > Expand`. Maonekedwe a malowo akhale obulungira chabe, osaonetsa chimene chinalipo.

Kupaka dera lalikulu nakonso kuli ndi bvuto lake. Malo akakula kufika pa theka la kapinga, zozungulira zimene pulogalamu ingatengereko chitsanzo zimachepa, ndiye mipando ndi alendo osaitanidwa amatulukira. Ngati chochotsedwa ndi chachikulu, monga tebulo lonse, ndi bwino kuchichotsa pang'onopang'ono, kuyambira mbali imene yagundana ndi kapinga woyera.

Kufewetsa malire ndi nkhani ina, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha: kubisa msoko, monga telala amabisira pamene chigamba chakumana ndi nsalu. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yoyendetsera Stable Diffusion, muyezo wake ndi `Mask blur`, ndipo umayambira pa 4. Chimene chimaiwalika ndi chakuti kufewetsako kumalowera mbali zonse ziwiri, kunja ndi mkati momwe. M'kachigawo kofewako chithunzi chakale chimaonekerabe. Ngati malire anali othina, m'mphepete mwa ndowa mumagwera m'kachigawoko, nkutsala chizimezime chofiira chimene chingakope chinthu chatsopano pokonzanso. N'chifukwa chake kukulitsa malo kumayamba, kufewetsa kumabwera pambuyo, ndipo kukulitsako kukhale pafupifupi kuwirikiza kawiri kufewetsa: pa mapikiselo 20 owonjezera, kufewetsa kwa 8 kapena 10 kumakwana. Pa udzu, mchenga ndi mitambo, malire ofewa amabisika bwino. Pamene malo agundana ndi diresi loyera la mkwatibwi kapena ngodya ya khoma, kufewetsa kuchepe, apo ayi nsaluyo ichita mbuu. Manambalawa amatsata kukula kwa chithunzi. Pa kachithunzi ka mapikiselo 1000 amachepa kanayi.

Palinso kukula kwina kumene sikuoneka pa malo opakidwa, ndiko kuchuluka kwa zimene pulogalamu ikuona. Munthu akasankha `Only masked`, pulogalamu imadula kachigawoko pamodzi ndi mpata wa `Only masked padding, pixels`, womwe umayambira pa 32, nkukagwira ngati chithunzi chapachokha. Pa ndowa ya mapikiselo 400, mpata wa 32 ndi kamzere ka udzu basi, ndipo chithunzi chopanda kanthu pakati n'chachilendo kwa pulogalamuyo. Kukweza mpatawo kufika pa 128 kumaionetsa kuti kapinga akupitirira. Pa `Masked content`, kusankha `original` kumasiya ndowa ngati poyambira, pamene `fill` imayamba yadzaza malowo ndi mitundu yozungulira. Mawu olamula afotokoze chofunika kuoneka, udzu waufupi wobiriwira, osatchula ndowa ngakhale moikana, chifukwa dzinalo likangolembedwa limaikoka.

Zotsatira zake zimaulula pamene palakwika. Chinthu chofanana kukula ndi ndowa chikabwera pamalo pomwepo, malire anathina kapena mthunzi unatsala kunja. Zinthu zachilendo zingapo zikamwazikana, malo anakula mopitirira. Mzere wooneka m'mphepete ukusonyeza kuti kufewetsa kunachepa, ndipo pamenepo pokha ndi pamene kukweza `Mask blur` kumathandiza.