Mabatire awiri, babu limodzi: magetsi akulowera kuti?

M'nyumba zambiri zodalira sola mumapezeka mabatire awiri olumikizidwa pamodzi, pulasi ndi pulasi, mainasi ndi mainasi. Mwini wake amaganiza kuti awiriwo azithandizana kuyatsa nyumba. Nthawi zina zimaterodi. Koma ngati limodzi lili lodzaza pomwe linzakelo latopa, zimachitika kuti lodzazalo likugwira ntchito lokha, kudyetsa babu ndiponso kudyetsa linzake lomwelo. Poyang'ana ndi maso palibe chimene chingaoneke, chifukwa babu likuwala bwinobwino. Chimene chimaulula nkhaniyi ndi masamu apapepala, njira imene amisiri a zamagetsi amaitcha kuwerengera karenti ya meshi.

Maziko a njirayi ndi malamulo awiri akale. Loyamba ndi la Georg Ohm, Mjeremani amene analifalitsa mu 1827: volteji imene imatsika pa chinthu chokana magetsi imafanana ndi karenti kuchulukitsa ndi kukanako, V = I × R. Lachiwiri ndi la Gustav Kirchhoff, amene analipeza mu 1845 akadali wophunzira pa yunivesite ya Königsberg. Limanena kuti munthu akatsata waya mozungulira mpaka kubwerera pamene anayambira, volteji yonse yokwera ndi yotsika ikaphatikizidwa imakhala ziro. Pambuyo pake James Clerk Maxwell wa ku Sikotilandi anabwera ndi ganizo lofupikitsa ntchito: m'malo mosaka karenti ya waya aliyense payekha, tiyerekeze kuti mu mzungulire uliwonse muli karenti imodzi yozungulira.

Tiyeni titenge mabatire awiri aja. Lakumanzere ndi lodzaza, lili ndi mavolti 12.6, monga mmene batire la asidi limakhalira likachajidwa n'kupuma. Lakumanja latsika kufika pa mavolti 12.0. Batire lililonse lili ndi kukana kwake pang'ono m'kati, ndipo waya ndi zomangira zake zimawonjezerapo. M'chitsanzo chino tiyerekeza kuti mbali iliyonse zonsezi zikukwana maomu 0.1. Pakati pa mabatirewo pali babu la maomu 6.1, lomwe ndi la mawati pafupifupi 24.

```
 +--R1 0.1--+--R2 0.1--+
 |          |          |
(+)         R3        (+)
V1 12.6     6.1       V2 12.0
(-)         |         (-)
 |          |          |
 +----------+----------+
```

Chithunzichi chili ngati zipinda ziwiri zogawana khoma limodzi. Chipinda chilichonse ndiye meshi, kutanthauza mzungulire umene mulibe mzungulire wina m'kati mwake. Khoma lapakatilo ndi babu, R3, ndipo limakhudza meshi zonse ziwiri.

Choyamba ndi kujambula muvi wozungulira m'meshi iliyonse. Wakumanzere tiutche I1, wakumanja I2, ndipo yonse izungulire mbali imene mivi ya wotchi imalowera. Ophunzira ambiri amataya nthawi pano pofuna kudziwiratu kumene magetsi akulowera asanajambule muvi. N'zosafunika ngakhale pang'ono. Muviwo ndi wongoyerekeza, ndipo ngati walakwika yankho lidzatuluka ndi mainasi, basi. Chofunika n'chakuti ukajambulidwa usasinthidwenso pakati pa ntchito.

Pamene pafunika kudekha ndi pa babu lapakatilo. I1 ikamazungulira imadutsa pa babu kuchokera pamwamba kutsika pansi. I2, ngakhale ikuzungulira mofanana, imafika pa babu lomwelo kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Zikulimbana. Choncho karenti yeniyeni yotsika m'babu ndi I1 kuchotsapo I2. Munthu akamayenda m'meshi yakumanzere amalemba (I1 − I2), koma akalowa yakumanja amalemba (I2 − I1), chifukwa nthawi zonse karenti ya meshi imene ali m'katimo ndiyo imayamba.

Tsopano ulendo wa meshi yakumanzere. Kuyambira pakona yapansi, tikwera kudzera m'batire loyamba, kulowera ku mainasi n'kutulukira ku pulasi, ndiye volteji yakwera ndi 12.6. Pa R1 itsika ndi 0.1 kuchulukitsa ndi I1. Pa babu itsika ndi 6.1 kuchulukitsa ndi (I1 − I2). Tabwerera pamene tinayambira. M'meshi yakumanja tikwera kudzera m'babu, kudutsa R2, kenako n'kutsika kudzera m'batire lachiwiri. Apa tikulowera ku pulasi n'kutulukira ku mainasi, choncho batire limeneli likuwerengedwa ngati kutsika kwa mavolti 12.0, osati kukwera.

```
12.6 − 0.1·I1 − 6.1·(I1 − I2) = 0
−6.1·(I2 − I1) − 0.1·I2 − 12.0 = 0
```

Zikasanjidwa bwino zimaoneka chonchi:

```
 6.2·I1 − 6.1·I2 =  12.6
−6.1·I1 + 6.2·I2 = −12.0
```

Manambalawa ali ndi dongosolo limene wozolowera ntchitoyi amaligwiritsa ntchito podziona ngati walemba molondola. Nambala yoyenda ndi karenti ya meshi yakeyo ndi maomu onse a m'meshimo ataphatikizidwa, 0.1 ndi 6.1 kukhala 6.2. Nambala yoyenda ndi karenti ya meshi inzake ndi maomu apakati aja okha, ndipo imakhala ndi mainasi m'mizere yonse iwiri. Ngati mzere wina uli ndi −6.1 pomwe winawo uli ndi +6.1, penapake palakwika. N'chifukwa chake kuzunguliza mivi yonse mbali imodzi kuli bwino kusiyana ndi kuisokoneza.

Zotsalazo ndi masamu a ku sekondale. Kuphatikiza mizere iwiriyo kumapereka 0.1·I1 + 0.1·I2 = 0.6, kutanthauza kuti I1 + I2 = 6. Ndiye I2 ndi 6 − I1. Tikaika zimenezi mu mzere woyamba tipeza 6.2·I1 − 36.6 + 6.1·I1 = 12.6, ndipo zikasonkhanitsidwa zikhala 12.3·I1 = 49.2. Motero I1 ndi maampeya 4, ndipo I2 ndi maampeya 2.

Manambala awiriwa akunena zambiri. Batire lodzaza likutulutsa maampeya 4. Babu likulandira 4 kuchotsapo 2, omwe ndi maampeya 2 okha. Enawo akupita kuti? I2 yatuluka yopanda mainasi, kusonyeza kuti ikuyendadi mmene muvi unajambulidwira, ndipo muviwo ukulowa m'batire lachiwiri kudzera ku pulasi. Karenti yolowera ku pulasi ndi karenti yochaja. Theka la zimene batire labwino likutulutsa zikuthera m'batire lotopalo, ndipo lotopalo silikupereka kanthu ku babu.

Yankho lotere siliyenera kukhulupiriridwa lisanayesedwe, ndipo njira yachangu ndi kufunsa volteji ya pa babu kuchokera mbali zitatu. Kumanzere, 12.6 kuchotsapo 0.4 yotsika pa R1 ndi 12.2. Pa babu penipeni, maampeya 2 kuchulukitsa ndi 6.1 ndi 12.2. Kumanja, 12.0 kuwonjezerapo 0.2 ya pa R2 ndi 12.2. Zonse zagwirizana. Mawati nawonso ayenera kukwanirana: batire loyamba likupereka 50.4, ndipo babu likudya 24.4, batire lachiwiri likulandira 24, R1 ikuwononga 1.6 ngati kutentha, R2 0.4. Zonse pamodzi ndi 50.4. Akasiyana, cholakwika chili m'mizere yoyambirira ija.

Kodi batire lotopalo lidzayamba liti kuthandiza? Mizere yomweyi imayankha. Taona kuti I1 + I2 = 6, ndipo nambala ya babu sinalowemo, choncho zimenezi sizisintha ngakhale katundu wapakati asinthe. Babu likazimitsidwa, I1 ndi I2 zimafanana, ndipo maampeya 3 amayendabe kuchoka m'batire lodzaza kulowa m'linzake nyumba ili mumdima. Katundu akakula kufika pa maomu 2, I1 imakhala 6, I2 n'kukhala ziro. Akakulabe mpaka maomu 1.18, I1 imafika 8 ndipo I2 imakhala −2. Mainasi ameneyu si vuto. Akungonena kuti karenti yatembenuka, ikuyenda mosemphana ndi muvi, ndipo batire lachiwiri tsopano likupereka maampeya 2 pa 10 amene katunduyo akukoka.

Cholakwika chimene chimagwetsa anthu ambiri pa mayeso ndi chizindikiro cha batire lachiwiri. Wolemba +12.0 m'malo mwa −12.0 adzapeza kuti I1 + I2 ndi 246, ndipo iliyonse ili pafupi ndi maampeya 123. Pa babu la mawati 24 nambala yotere iyenera kumudzidzimutsa nthawi yomweyo. Komatu masamuwo sakunama. Akufotokoza molondola dongosolo lina, limene batire lachiwiri lalumikizidwa chotembenuza, pulasi ku mainasi. Izi n'zimene zimachitika munthu akasokoneza zingwe podzutsa galimoto ndi batire la galimoto ina: moto umathetheka pa chomangira, zingwe zimatentha mpaka pulasitiki kusungunuka, ndipo batire likhoza kuphulika. N'chifukwa chake amisiri osamala amaika fyuzi pafupi ndi pulasi ya batire lililonse.

Pali malire amene owerenga ayenera kuwadziwa. Kuwerengera kwa meshi kumagwira pa dongosolo lokhalo limene lingajambulidwe papepala popanda waya wolumpha mnzake. Kumayerekezanso kuti maomu sasintha, pomwe kawaya ka m'babu lakale kamakana pang'ono kwambiri kakazizira kusiyana ndi katatentha, ndipo magetsi a LED satsata lamulo la Ohm mwachindunji. Batire nalonso silikhala pa volteji imodzi. Lotopalo likayamba kulandira, volteji yake imakwera, kusiyana kwa 0.6 kuja kumachepa, ndipo maampeya odutsa pakati pawo amatsika. Choncho yankho la 4 ndi 2 likufotokoza mphindi imene mabatirewo angolumikizidwa kumene, osati usiku wonse.

Wofuna kuona ndi maso akhoza kutero ndi mita yapamanja. Amayamba wayeza batire lililonse palokha, litachotsedwa pa linzake ndiponso litapuma. Kenako amalumikiza n'kuyeza pa babu. Ngati volteji ya pa babu ili pamwamba pa imene batire lina linasonyeza lili lokha, monga 12.2 pamwamba pa 12.0, batire limenelo likuchajidwa ndi linzake. Poyeza maampeya, mita imalowa mumzere wa waya, kutanthauza kuti waya amamasulidwa kuti karenti idutse m'mita. Kugunditsa mita yotcheredwa pa maampeya ku pulasi ndi ku mainasi ya batire kumawotcha fyuzi yake pomwepo. Waya wa R1 udzasonyeza I1, wa R2 udzasonyeza I2, ndipo wa pa babu udzasonyeza kusiyana kwa ziwirizo.