Kalembedwe ka nkhani yowerenga ndi mafunso ake asanu

Nkhani yoyesera kumvetsa imasiyana ndi nthano wamba chifukwa chiganizo chilichonse chimakhala ndi ntchito: china chanyamula yankho, china chabisa yankho kuti mwana alifufuze. Nchifukwa chake wolemba waluso amayamba waganizira mafunso, kenako nkulemba nkhani yowakwanira.

Ku Nkana East, mu mzinda wa Kitwe, ana ambiri ndi a m'tauni ya migodi. Chimanga amachidziwa, koma ena sanagwirepo khasu, ndipo mawu ngati nkhokwe angawaimitse. Choncho mawu achilendo asapitirire awiri, ndipo nkhaniyo iwamasulire yokha. Chitsanzo chili m'munsichi ncha Chinyanja, cha ana a giredi 4. Pa Copperbelt chinenero cha m'deralo chimene sukulu zimaphunzitsa ndi Chibemba, koma kamangidwe ka nkhaniyo nkamodzimodzi.

"Banja la a Tembo limakhala ku Nkana East, koma munda wawo uli ku Kamfinsa. Mvula itagwa mu Novembala, anabzala chimanga pa malima awiri. Tisa ndi mlongo wake Mabvuto ankapalira Loweruka lililonse. Mu Januwale feteleza anawathera, ndipo lima imodzi sinathiridwe. Masamba a chimanga cha pamenepo anasanduka achikasu. Pokolola, lima yothiridwa inatulutsa matumba 12, inayo matumba 5. Amayi Tembo anasunga matumba 10 a chakudya, otsalawo anakagulitsa ku msika wa Chisokone."

Ziganizo ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo zikutsata nyengo ya ulimi. Manambala ayenera kukhala oona kumunda: lima ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, ndipo matumba 12 a makilogalamu 50 pa lima ndi zokolola zotheka. Chofunika kwambiri nchimene chasiyidwa dala. Palibe pamene palembedwa mawu akuti "chifukwa". Mpata umenewu wasungidwira funso lachinayi.

Kukwera kwa mafunso sikuyezedwa ndi kutalika kwake, koma ndi mtunda umene mwana ayende kuchoka pa mawu olembedwa kukafika pa yankho. Loyamba ndi lotola chabe: "Munda wa a Tembo uli kuti?" Yankho lili m'chiganizo choyamba, ngakhale wothamanga angalembe Nkana East. Lachiwiri limamubweza mwana chiganizo chimodzi kumbuyo: "Mawu akuti 'pamenepo' akunena malo ati?" Ana ambiri owerenga mokweza bwinobwino amagwa apa, popeza amatchula mawu osawalumikiza.

Lachitatu limafuna kusonkhanitsa mfundo za m'ziganizo ziwiri: "Amayi Tembo anagulitsa matumba angati?" Mwana aphatikize 12 ndi 5, achotse 10, apeze 7. Masamu ake akhale opepuka, apo ayi funsolo liyesa kuwerengera m'malo mwa kuwerenga. Likakhala losankha yankho, monga mmene bungwe la Examinations Council of Zambia lakhala likufunsira pa mayeso a giredi 7, mayankho olakwika atengedwe m'nkhani momwemo: 17, 10 ndi 5. Lililonse limaulula pamene mwana anatayikira. Wosankha 17 waiwala chakudya chosungidwa. Wosankha 10 wangotola nambala yoyandikana ndi dzina la Amayi Tembo.

Lachinayi ndi lakuti: "N'chifukwa chiyani lima imodzi inatulutsa matumba ochepa?" Mwana alumikize yekha kutha kwa feteleza, masamba achikasu ndi matumba 5. Wonena kuti mvula inachepa walakwa, ngakhale zimachitikadi m'minda, popeza nkhaniyo sinapereke umboni wotero. Lachisanu limamupatsa ufulu: "Kodi a Tembo achite chiyani chaka chamawa? Perekani chifukwa chochokera m'nkhani." Wina anena kuti alime lima imodzi yokha, wina kuti agule feteleza msanga ndi ndalama za matumba 7. Onse akhoza, ndipo malikisi agawidwe pawiri, ena a maganizo, ena a umboni.

Cholakwika chofala kwambiri ndi funso loyankhika popanda kuwerenga, monga lakuti "Chimanga chimabzalidwa mwezi uti?" Mwana wa ku Kitwe amadziwa kale nthawi imene mvula imayamba. Njira yoligwirira ndi kupereka mafunso okha, nkhani itabisidwa, kwa ana angapo a kalasi ina. Funso limene alikhoza lichotsedwe. Mapepala akachongedwa, chiwerengero cha okhoza chiyenera kutsika kuyambira funso loyamba kupita m'tsogolo. Ambiri akalephera loyamba, vuto lili m'nkhani, mawu ake alemera. Akakhoza lachinayi kuposa lachiwiri, mwina nkhaniyo yaulula chifukwa poyera, kapena mafunso awiriwo asinthane malo.