Kuphatikiza ndalama za masamba ambiri mu Excel

Msungichuma wa mpingo, mwini golosale kapena kalaliki wa pasukulu akayamba kulemba ndalama pa kompyuta, kawirikawiri amaupatsa mwezi uliwonse tsamba lakelake mu fayilo imodzi ya Excel. M'munsi mwa sikirini mumandandalika mayina: Januwale, Febuluwale, Malichi, mpaka chaka kutha. Mpakatu apa zonse zili bwino. Mutu umayamba kuwawa komiti ikafunsa kuti ndalama zonse zalowa zingati chiyambire chaka. Ambiri amatenga kakyuleta, kutsegula tsamba lililonse, kukopera nambala papepala, kenako n'kulemba yankho pamanja. Mawa lake wina akakonza nambala ya Febuluwale, yankho lija limatsala lakale, ndipo palibe amene amadziwa.

Tiyerekeze mpingo wina womwe uli ndi masamba anayi, Januwale mpaka Epulo. Pa tsamba lililonse, mizere yachiwiri mpaka yachisanu ndi chinayi ili ndi chopereka cha Lamulungu, chakhumi, masika ndi zina, ndipo ndalama zonse za mweziwo zili m'kabokosi ka B10. Januwale wabweretsa K420,000, Febuluwale K385,000, Malichi K510,000 ndipo Epulo K405,000. Msungichuma akutsegula tsamba lachisanu, n'kulitcha Zonse, ndipo akulemba fomula imodzi yokha:

```
=SUM(Januwale:Epulo!B10)
```

Yankho likubwera K1,720,000. Madontho awiri apakati pa mayinawo akutanthauza kuti kuyambira tsamba ili kukafika tsamba ilo, pamodzi ndi onse okhala pakati, ndipo chizindikiro cha mfuwu chikulekanitsa mayina a masamba ndi kabokosi kofunika. Ngati simukufuna kutaipa mayina, lembani =SUM( kenako dinani dzina la Januwale m'munsimo, gwirani batani la Shift, dinani Epulo, dinani kabokosi ka B10, n'kumaliza ndi Enter. Dzina la tsamba likakhala ndi mpata pakati, monga la nthambi za sitolo, mayinawo amafuna timakoma tam'mwamba:

```
=SUM('Nthambi A:Nthambi D'!B10)
```

Chofunika kuchimvetsa kwambiri n'chakuti fomulayi siwerenga mawu. Sidziwa kuti mzere wakhumi walembedwa kuti "Zonse za mwezi". Imangolowa pa tsamba lililonse, kupita pamalo otchedwa B10, n'kutola chimene yapeza pamenepo, ngati singano yoboola mapepala osanjikizana pamalo amodzi. Mapepalawo akasanjikizana bwino, yankho ndi loona. Limodzi likasuntha pang'ono, singano iboola pena.

Onani mmene zimasokonekera. M'mwezi wa Malichi mpingo unalandiranso K45,000 ya chitukuko cha nyumba ya abusa, ndipo ndalamayi inali kale m'kati mwa K510,000 ija, yosakanizidwa ndi chopereka. Msungichuma akuganiza zoipatula kuti izioneka payokha, choncho akulowetsa mzere watsopano pamwamba penipeni pa mzere wa zonse, pa tsamba la Malichi lokha. Tsopano K510,000 yatsikira pa B11, ndipo pa B10 pakhala K45,000. Fomula ya pa tsamba la Zonse sisuntha. Ikutolabe B10, ndipo yankho latsika kufika K1,255,000. Ndalama zokwana K465,000 zasowa papepala, pamene m'bokosi ndi kubanki zilipo zonse. Excel sionetsa chenjezo lililonse, chifukwa kwa iyo yachita zomwe inauzidwa. Zoterezi n'zimene zimachititsa kuti munthu wokhulupirika ayambe kuyang'anidwa ndi diso lina pamsonkhano wa komiti, ndipo n'chifukwa chake ndimati aliyense wogwiritsa ntchito fomulayi adziwe msampha umenewu asanaidalire.

Mankhwala ake abwino ndi kasanjidwe ka tsamba. Ndalama zonse za mwezi muziike pamwamba, mwachitsanzo pa B2, ndipo mizere ya chopereka, chakhumi ndi zina izitsika pansi pake. Mukatero, mutha kuwonjezera mizere yambirimbiri mwezi uliwonse, koma B2 sasuntha. Ndi bwinonso kukonza tsamba limodzi mosamala, kenako n'kumalikopera mwezi watsopano ukafika, m'malo moyamba kumanga tsamba lina kuchokera pachiyambi. Ngati n'kofunikadi kulowetsa mzere pa masamba onse, sankhani masambawo pamodzi ndi Shift musanaulowetse, kuti onse asunthe mofanana. Koma mukamaliza muwamasule msanga podina tsamba lina lomwe silinasankhidwe, chifukwa masamba akadali omangidwa pamodzi, nambala imene mwalemba pa limodzi imalembeka pa onse ndi kufufuta zomwe zinalipo.

Msampha wachiwiri uli pa ndondomeko ya masamba m'munsi muja. Fomula imatenga masamba amene ali pakati pa Januwale ndi Epulo monga akhalira pa nthawiyo. Wina akakoka Febuluwale n'kukamuika kumanja kwa Epulo, K385,000 yake yatuluka m'chiwerengero. Wina akakopera Malichi kuti ayeserepo zinthu, n'kusiya kopeyo pakatipo, Malichi awerengedwa kawiri, ngakhale tsambalo alibise. Ndipo Meyi akafika n'kuikidwa kumapeto, salowa yekha, chifukwa malire athera pa Epulo. Anthu ozolowera ntchitoyi amaika masamba awiri opanda kanthu, limodzi kumayambiriro lotchedwa Yamba, lina kumapeto lotchedwa Maliza:

```
=SUM(Yamba:Maliza!B2)
```

Mwezi watsopano uliwonse umangolowetsedwa pakati pa awiriwa, ndipo fomula sikhudzidwanso. Tsamba la Zonse lokha likhale kunja kwa malirewo, kupanda kutero fomula ikhoza kumadziwerenga yokha.

Nanga mungadziwe bwanji kuti yankho ndi loona? Pali nambala zina zimene zimaoneka ngati nambala koma Excel imaziona ngati mawu, monga pamene munthu wataipa K385,000 ndi chilembo K kutsogolo, kapena wakopera ndalama kuchokera mu uthenga wa pafoni. SUM imangozidumpha mwakachetechete. Chizindikiro chake n'chakuti zimatsamira kumanzere kwa kabokosi, pamene nambala zenizeni zimatsamira kumanja. Kuti muzigwire mosavuta, ikani fomula iyi pambali pa yankho:

```
=COUNT(Yamba:Maliza!B2)
```

Imawerenga timabokosi tomwe muli nambala zenizeni. Ngati miyezi ndi inayi koma yabweretsa 3, pali mwezi womwe sunawerengedwe. Ikabweretsa 5, pali tsamba lolowerera.

COUNT singagwire vuto la mzere wosuntha lija, chifukwa K45,000 nayo ndi nambala. Pamenepo pamafunika mboni yachiwiri. Pa tsamba la Zonse ndandalikani miyezi, ndipo pambali pa uliwonse lembani fomula yoloza tsamba limodzi lokha, monga =Malichi!B10, kenako muphatikize mndandandawo. Fomula yoloza tsamba limodzi imatsatira kabokosi kake: mzere ukalowetsedwa, imasintha yokha n'kukhala =Malichi!B11. Mukachotsera yankho la njira imodzi ku la njira inayo, payenera kutsala 0. M'chitsanzo chathu patsala 465,000, ndipo msungichuma aona vutolo asanasindikize lipoti.

Fomula yodutsa masambayi ili ndi malire. SUMIF, imene imaphatikiza nambala potsata mawu monga "chakhumi", silandira masamba ambiri motere ndipo imabweza #VALUE!. Ngati masamba anu anasanjidwa mosiyana kwambiri, kuli bwino kupita ku Data n'kusankha Consolidate, yomwe imatha kufananitsa mayina a kumanzere m'malo mwa malo a kabokosi. Google Sheets nayo simva kalembedwe ka Januwale:Epulo; kumeneko tsamba lililonse limatchulidwa palokha, kulekanitsa ndi makoma:

```
=SUM(Januwale!B2,Febuluwale!B2,Malichi!B2,Epulo!B2)
```

Apa Meyi akafika muyenera kumuwonjezera nokha mu fomulayo.