Bwana Akagwa Mwadzidzidzi, Asaine Ndani?

M'bandakucha wa pa 19 Epulo 2004, a Jim Cantalupo, mkulu wa kampani yogulitsa zakudya ya McDonald's, anamwalira ndi nthenda ya mtima mumzinda wa Orlando ku America. Anali ndi zaka 60. Anapita kumeneko ku msonkhano waukulu wa anthu zikwizikwi oyendetsa malo odyera a kampaniyi, ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Patangotha maola ochepa, bodi ya kampaniyi inali itakumana kale n'kulengeza kuti mpando watengedwa ndi a Charlie Bell, azaka 43.

Munthu wakuno kwathu akhoza kugwira pakamwa. Maliro asanaikidwe, mpando wapita? Komatu bodiyo sinasankhe munthu tsiku limenelo. Inangolengeza zimene inagwirizana kalekale.

A Cantalupo anali atapuma kale pantchito pamene anawaitananso kumayambiriro kwa 2003, kampani ili pamavuto a malonda. Pobwera, a Bell anakwezedwa kukhala wachiwiri wawo, woyang'anira ntchito za tsiku ndi tsiku. Mkuluyu, wa ku Australia, anayamba kugwira ntchito m'malo odyera a McDonald's ku Sydney ali ndi zaka 15, ndipo pofika zaka 19 anali manejala. Kwa chaka ndi miyezi ingapo iye ndi a Cantalupo ankayendetsa limodzi ndondomeko yodzutsa kampaniyo. Choncho tsiku la zovutalo panalibe zoti wina afotokozere a Bell kumene zinthu zafika. Ntchitoyo inali kale m'manja mwawo.

Nkhani sinathere pomwepo. M'mwezi wa Meyi, patangopita milungu yochepa, madokotala anawapeza a Bell ndi khansa ya m'matumbo. Anachitidwa opaleshoni, anayesetsa kugwirabe ntchito, koma mu Novembala anatula pansi udindo, ndipo mu Januwale 2005 anatisiya ali ndi zaka 44. Kampani inataya atsogoleri awiri m'miyezi isanu ndi iwiri. Amene analowa ndi a Jim Skinner, omwe anali m'kampanimo kuyambira 1971, ndipo anakhala pampandowo mpaka 2012, malonda akukwera.

Chosiririka apa n'chakuti kumbuyo kwa wolowa m'malo kunali wina wokonzeka. Mabungwe ambiri amene amati anakonzekera ali ndi dzina limodzi lokha, ndipo tsiku limene munthuyo wakwera pampando, dzenje limangosamukira pamene iye wachoka.

Amalawi sakusowa chitsanzo cha mbali inayo. Pa 5 Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anagwa mwadzidzidzi ku Lilongwe. Lamulo silinali lobisika: gawo 83, ndime 4, la malamulo aakulu a dziko lino limati mpando wa pulezidenti ukakhala wopanda munthu, wachiwiri wake ndiye amatenga udindowo. Koma mayi Joyce Banda anali atachotsedwa m'chipani cholamula mu Disembala 2010 n'kuyambitsa chawo. Usiku wa pa 6 Epulo, nduna zina zinalankhula pa kanema wa boma kuti mayiwo sangalowe m'malo. Imfayo inalengezedwa mwalamulo pa 7 Epulo, tsiku lomwe mayi Banda analumbiritsidwa. Kwa masiku awiri dziko linali m'malere, anthu akudalira manong'onong'o ndi mawailesi akunja.

Ku McDonald's kunali munthu wodziwa ntchito, wovomerezeka kwa onse, ndi bodi yokhala ndi mphamvu zomukhazika. Kuno kunali lamulo lomveka, koma amene anali ndi makiyi sanagwirizane nalo. Dzina lolembedwa papepala limagwira ntchito pokhapokha anthu amene adzatsale atalivomera mtsogoleri akadali moyo.

Zikumveka ngati nkhani za maboma ndi makampani akuluakulu, koma bungwe laling'ono ndilo limavulala msanga. Tiyerekeze kopaletivi ya alimi a mtedza, yokhala ndi manejala, mlembi wa za chuma ndi antchito khumi. Manejalayo wachita ngozi pamsewu Lachisanu, pa 25 mwezi, ndipo ali chikomokere m'chipatala.

Lolemba m'mawa vuto loyamba ndi la kubanki. Akaunti ya bungweli imafuna anthu awiri osainira, manejala ndi wapampando wa bodi, ndipo palibe wachitatu. Banki siyingamve zoti antchito akudikira malipiro. Kuti iwonjezere wosainira wina, idzafuna chigamulo cha bodi cholembedwa, maminitsi a msonkhano umene unagamula zimenezo, chiphaso cha munthuyo ndi siginecha yake. Bodi nayo siyingangokumana pansi pa mtengo: malamulo a bungwe amanena masiku ochenjezera mamembala ndi chiwerengero chofunika kuti msonkhano ukhale wovomerezeka. Mwezi ukutha zonsezi zili m'njira. Msonkho wodulidwa pamalipiro ukuyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo ukachedwa pali chindapusa.

Vuto lachiwiri lili m'thumba la wodwalayo. Nambala yachinsinsi imene banki imatumiza munthu akamalipira pa intaneti imapita pafoni ya manejala, ndipo foniyo ndi yokiyidwa. Imelo imene ogula mtedza amalemberako ndi yakeyake, osati ya bungwe. Mtengo umene anagwirizana ndi wogula wamkulu sunalembedwe paliponse, anangokambirana pafoni. Mlembi wa za chuma akudziwa kuti pali lole yomwe ikubwera Lachinayi, koma sakudziwa matani angati analonjezedwa.

Chachitatu ndicho chimapha mabungwe: aliyense ayamba kulamula. Wapampando akuti agwirizira yekha, mlembi wa za chuma akuti ndiye wamkulu pa antchito, ndipo alimi, atamva mphekesera, ayamba kugulitsa mtedza kwa mavenda.

Zonsezi zikanapewedwa ndi chikalata cha masamba awiri kapena atatu, chovomerezedwa ndi bodi nthawi ya mtendere. Chikalatacho chimatchula amene agwirizire udindo bwana akachoka mwadzidzidzi, ndi wina wachiwiri ngati woyambayo palibe. Chimanena chimene chidzachititse kuti kugwirizirako kuyambe, kaya imfa, kutula pansi udindo, kuimitsidwa ntchito kapena kudwala kopitirira masiku akutiakuti, kuti pasadzakhale mkangano woti "bwana akadalipo". Chimaikanso malire: wogwirizira alipire antchito, alipire ngongole zodziwika, asaine makontirakiti ang'onoang'ono, koma asagulitse katundu wa bungwe, asatenge ngongole yatsopano kapena kuchotsa anthu ntchito popanda bodi. Ndipo chimapereka nthawi, monga miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, yoti bodi ipeze mtsogoleri wokhazikika. Pakapanda nthawi yoikika, wogwirizira amakhala zaka, wopanda mphamvu zonse koma wosachoka.

Kubanki, mankhwala ake ndi osainira atatu, awiri aliwonse n'kukwanira. Mapasiwedi, makiyi a sefa, mapepala a malo ndi ziphaso za bungwe zisungidwe poti anthu awiri odziwika angazifikire, ndipo manambala a foni ndi maimelo olembetsedwa kubanki akhale a bungwe. Eni mabizinesi a munthu mmodzi ali pangozi yoposa: banki ikamva za imfa ya mwini, akaunti imatsekedwa kufikira patapezeka zikalata za kukhoti zoyendetsera chuma cha masiye, ndipo shopu ikhoza kuuma katundu ndalama zili m'akaunti.

Bodi yanzeru siyang'ana mpando wa bwana wokha. Imafunsa kuti, ndi ntchito iti imene ikaima mlungu umodzi bungwe ligwada, ndipo ndi anthu angati akuidziwa? Kawirikawiri yankho limadabwitsa. Amapezeka kuti ndi kalaliki amene yekha amadziwa kukonza malipiro pakompyuta, kapena makaniko amene yekha amaidziwa jenereta. Anthu otere salowa m'misonkhano ya bodi, koma akadwala aliyense amadziwa tsiku lomwelo.

Nanga bwanji zosavuta chonchi sizichitika? Pali mantha amene aliyense amawadziwa. Kufunsa bwana kuti "mukachoka alowe ndani?" kumamveka ngati kumufunira imfa, ndipo wachiwiri amene akuoneka wokonzeka kwambiri amayamba kuonedwa ndi diso lofiira. Atsogoleri ena, makamaka amene anayambitsa okha bungwe, amasunga dala zinsinsi kuti asadzasoweke. N'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kukhala ya bodi, yobwera pa ajenda chaka ndi chaka monga momwe ripoti la maodita limabwerera, osati yoyamba tsiku limene bwana wayamba kutsokomola.

Kutchula wolowa m'malo kuli ndi mtengo wake. Kumapeto kwa 2000, kampani ya General Electric itasankha a Jeff Immelt kuti adzalowe m'malo mwa a Jack Welch, akuluakulu awiri amene ankapikisana nawo anachoka m'masiku ochepa: a James McNerney anakatsogolera 3M, a Robert Nardelli anapita ku Home Depot. Bungwe laling'ono silingakwanitse kutaya anthu awiri otere. Njira yochepetsera vutoli ndi kulekanitsa mafunso awiri. Wogwirizira pa nthawi ya ngozi adziwike kwa onse lero, ndipo auzidwe poyera kuti kugwirizira si lonjezo la mpando. Za mtsogoleri wokhazikika zisiyidwe kuti zidzatsate mpikisano wake. Safaricom ya ku Kenya inachita motero a Bob Collymore atamwalira pa 1 Julaye 2019: anaitana mkulu wakale, a Michael Joseph, kuti agwirizire, ndipo a Peter Ndegwa anayamba ntchito mu Epulo 2020.

Pali njira yodziwira ngati dongosolo lilidi ndi moyo, ndipo siyifuna ndalama. Bwana apite kutchuthi milungu iwiri yathunthu, yophatikiza kutha kwa mwezi, foni atathimitsa. Wogwirizira alowe mu ofesi, asaine, atsogolere msonkhano wa antchito, ayankhe wogula wamkulu. Chilichonse chimene chaima chifukwa "tidikire abwana abwere" chilembedwe m'kope: cheke chosasainidwa, pasiwedi yosadziwika, kalata yosoweka, kasitomala wokana kulankhula ndi wina aliyense. Bwana akabwerako, bodi itenge kopelo, chinthu chilichonse chipatsidwe munthu wochikonza ndi tsiku lomalizira, ndipo chaka chamawa tchuthi chomwecho apite mlembi wa za chuma.