Sikana ikakanidwa m'nyumba yosungiramo katundu

Kampani ikayamba kugwiritsa ntchito ERP, pulogalamu imodzi ya pakompyuta yolunzanitsa zogula, zogulitsa, katundu ndi ndalama, monga SAP kapena Odoo, mabwana amayembekezera kuti mapepala atha. Koma pakangopita masabata ochepa, mupeza masikana ali m'dirowa, kalaliki wabwerera ku kope lake. Ambiri amathamangira kunena kuti antchito ndi amakani. Kawirikawiri kukanako kumakhala uthenga woti penapake pali cholakwika, ndipo dongosolo labwino limayamba ndi kuumva uthengawo.

Tiyerekeze kuti lole yabwera ndi makatoni 50 a mafuta ophikira, katoni iliyonse mabotolo 24. Onse pamodzi ndi mabotolo 1,200. Botolo lili ndi bakhodi yake, timizere tija toimira manambala 13, pomwe katoni imakhala ndi ina ya manambala 14. Ngati ya katoni sinalowetsedwe mu ERP, sikana imaikana. Wolandira katundu, poona lole zina zili pamzere, amatsegula katoni n'kusikana botolo ka 50. Kompyuta imalemba mabotolo 50, ndipo aofesi amafuna kudziwa kumene kwapita 1,150. Munthu amene wakayikiridwa kuti ndi wakuba chifukwa cha sikana, mawa saigwiranso.

Kuti mudziwe kuti anthu akuizemba, onani nthawi imene ERP yalemba pa katundu aliyense. Ngati lole zinatsitsidwa m'mawa koma zonse zalowa madzulo m'mphindi zochepa, ndiye kuti wina akukopera za m'kope. Chizindikiro china ndi kuchuluka kwa manambala otayipidwa pamanja, kapena dzina la munthu mmodzi kuonekera pa ntchito ya gulu lonse.

Sabata yoyamba ikhale yomvetsera. Woyang'anira aime pakhomo lotsitsira katundu pa shifiti iliyonse, ya usiku yomwe, alembe paliponse pamene sikana yakanika ndi chifukwa chake: bakhodi yosalowetsedwa, chizindikiro chofufutika, netiweki yoduka kuseri kwa mashelefu, batire lotha ntchito ili mkati. Sabata imeneyi pasakhale wodzudzulidwa, apo ayi anthu abisa zonse.

Sabata yachiwiri ndi yokonza. Yambani ndi katundu wotuluka kwambiri, ndipo mndandanda wa madandaulo upachikidwe pakhoma, chimene chakonzedwa chizichongedwa onse akuona. Wantchito akaona kuti zimene ananena Lolemba zakonzedwa Lachinayi, amayamba kukhulupirira kuti dongosololi ndi lakenso.

Kenaka pabwere maphunziro, koma osati a m'kalasi. Pa shifiti iliyonse sankhani munthu mmodzi amene anzake amamumvera, makamaka mkhalakale wodziwa pamene chilichonse chimakhala, aphunzitse anzake pashelefu pomwepo m'chilankhulo chawo. Ena amakana chifukwa mawu a pasikana ali m'Chingerezi kapena zilembo ndi zazing'ono, ndipo amachita manyazi kufunsa pamaso pa achinyamata. Otere aphunzitsidwe paokha. Kapitawo nayenso achepetse mlingo wa ntchito ya patsiku, chifukwa wophunzira amachedwa. Mukamuuza kuti asikane chilichonse koma amalize pa nthawi yakale, adzasankha kumaliza.

Pali mantha awiri ofunika kuwayankha poyera. Oyamba ndi akuti ntchito itha. Ngati palibe wochotsedwa, nenani. Ngati maudindo ena asintha, nenaninso, pakuti bodza likadzaululika palibe adzakumvereni. Achiwiri ndi akuti sikana ndi kazitape, popeza imalemba dzina ndi nthawi. Lembani lamulo lofotokoza amene aziona zimenezi ndi ntchito yake, ndipo nthumwi za antchito zikhalepo polikonza. Aliyense akhale ndi dzina lake lolowera, kuti asasenze cholakwa cha mnzake.

Zikatheka izi, kope lichoke. Lengezani tsiku, ndipo yambani ndi khomo limodzi, lolandirira katundu, chifukwa cholakwika cha pamenepo chimafalikira m'mabuku onse. Kusiya kope ndi sikana kuti ziziyendera limodzi kwa miyezi ndi kupatsa anthu ntchito ziwiri, ndipo yatsopanoyo ndi imene amaitaya. Pepala litsale la nthawi imene magetsi kapena netiweki yavuta: fomu yokhala ndi nambala, yosainidwa ndi kapitawo, yolowetsedwa zinthu zikangobwerera.

Pomaliza, tsiku lililonse werengani katundu wa mashelefu ochepa n'kuyerekeza ndi zimene ERP ikunena. Kusiyana kukamachepa, auzeni antchito manambalawo. Kukapanda kuchepa, bwererani pakhomo paja mukaonenso. Chilango chili ndi malo ake, koma ndi cha munthu amene wapatsidwa sikana yogwira bwino, waphunzitsidwa, wapatsidwa nthawi, n'kumakanabe.