Nyale ya Batire Yoyatsa Magetsi Akazima

Nyale yodzipangira yoyatsa magetsi akazima imafuna zinthu zisanu: lamba wa timababu ta LED, batire lotchajika, kabolodi kotchajira, kabolodi kokwezera mphamvu, ndi swichi. Ntchito yaikulu ili pogwirizanitsa batire ndi lamba, chifukwa ziwirizi sizifanana mavoti.

Lamba wopezeka kwambiri m'masitolo ndi wa mavoti 12. Timababu take timakhala titatutitatu motsatizana, ndipo gulu lililonse limafuna mavoti oposa 8 kuti liyambe n'kuwala komwe. Batire la lifiyamu la mtundu wa 18650, lija limapezeka m'mathochi ndi m'malaputopu akale, limapereka mavoti 3.7 okha, ndipo likadzaza limafika pa 4.2. Kulumikiza lamba ku batire mwachindunji sikutulutsa kuwala kulikonse, ndipo ambiri amataya lamba wabwinobwino poganiza kuti ndi wakufa. Mpata umenewu umatsekedwa ndi kabolodi ka MT3608, kamene kamakweza mavoti a batire kufika pa 12.

Kotchajira ndi kabolodi ka TP4056, komwe kamalandira mavoti 5 kuchokera ku chaja ya foni. Kalipo ka mitundu iwiri, ndipo koyenera pano ndi kamene kali ndi chitetezo. Kamadziwika ndi malo anayi owotchererapo mawaya kumbali imodzi: B+, B-, OUT+ ndi OUT-. Kameneka kamadula magetsi batire likatsika kufika pafupifupi mavoti 2.5, kapena mawaya akagundana. Batire la lifiyamu lokamidwa kupitirira pamenepo limawonongeka, ndipo kulitchajanso n'kuputa moto.

Batire limalowa m'kachikwama kake ka pulasitiki, chifukwa kuwotcherera waya pa batire penipeni kumalitenthetsa mkati. Waya wofiira wa kachikwamako amapita pa B+, wakuda pa B-. Apa m'pofunika kuyang'ana kawiri: batire likatembenuzidwa, TP4056 imapsa nthawi yomweyo. Kuchoka pa OUT+ waya amadutsa mu swichi n'kukafika pa VIN+ ya MT3608, pomwe OUT- imapita pa VIN-. Swichi imakhala pamenepa, osati kufupi ndi lamba, chifukwa kabolodi kokweza mphamvu kamadya batire pang'onopang'ono ngakhale nyale ili yozima.

Lamba amalumikizidwa pomalizira. Choyamba mita yoyezera magetsi imaikidwa pa VOUT+ ndi VOUT-, kenako kasikulu ka pa kabokosi kabuluu kamazunguzidwa mobwerera kumanzere. Nthawi zambiri manambala sasintha mpaka kasikuluko katazungulira kakhumi kapena kuposa, choncho kabolodi sikayenera kuweruzidwa msanga kuti n'kowonongeka. Mita ikawerenga 12, lamba akhoza kuwotchereredwa, waya wa VOUT+ pa chizindikiro cha +. Amadulidwa pa mzere wa pakati pa timadontho ta kopa pokha. Kudula pena kumapha gulu lonse la timababu titatu.

Kutalika kwa lamba ndiko kumalamula maola. Lamba wa timababu ta 3528, tokwana 60 pa mita, amadya mawati 4.8 pa mita. Theka la mita, timababu 30, ndi mawati 2.4, kuwala kokwanira podyera ndi powerengera pa tebulo. Batire la 2500mAh limasunga mphamvu yopezeka pochulukitsa 2.5 ndi 3.7, yomwe ndi 9.25Wh. MT3608 imataya pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse ngati kutentha, kotero pamatsala 7.9Wh. Kugawa 7.9 ndi 2.4 kumapereka maola atatu ndi mphindi zochepa. Mita yathunthu ingathe batire m'ola limodzi ndi theka. Kutsitsa mavoti kufika pa 11 kumachepetsa kuwala pang'ono koma kumawonjezera nthawi kwambiri.

Masamu amenewa amadalira batire loona. Mabatire a 18650 enieni sapitirira kwenikweni 3500mAh, ndiye lolembedwa 9900mAh ndi lachinyengo, ndipo kawirikawiri limapepuka m'dzanja. La m'laputopu yakale liyenera kuyezedwa kaye: lotsika kuposa mavoti 2.5, lonyenyeka chikopa kapena lotentha potchaja si loti lilowe m'nyale.

Potchaja, kababu kofiira ka pa TP4056 kamayaka, ndipo batire likadzaza kamayaka kabuluu kapena kobiriwira. Kabolodika kamapereka ampeya imodzi, motero batire la 2500mAh limadzaza m'maola atatu kapena anayi, kabolodi kakumafunda ndithu. Nyale iyenera kukhala yozima nthawi yonseyi. TP4056 imadziwa kuti batire ladzaza poona magetsi olowa atatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi. Lamba akamakoka magetsi, mlingowo sufika, kofiira sikazima, ndipo batire limakhala pa mavoti 4.2 kwa maola ambiri, zomwe zimalikalambitsa msanga.

Zonse zikhoza kulowa m'kabokosi ka pulasitiki kobooledwa timabowo totulutsa kutentha, mawaya atakulungidwa ndi tepi kuti asagundane. Lamba amamatidwa pa kachitsulo ka aluminiyamu komwe kamayamwa kutentha kwa timababu, ndipo pulasitiki yoyera ngati mkaka ikaikidwa patsogolo pake, kuwala kumafalikira osathobwa m'maso.